Kupepesa mnzanu m'Chifalansa mukachedwa pamalo amene munagwirizana

Ophunzira Chifalansa ambiri amene ndimawaphunzitsa amatha kulemba kalata yofunsira ntchito bwinobwino, koma akafuna kuuza mnzawo pafoni kuti achedwa, amalemba ngati akulembera bwana. Gwero la vutoli ndi lakuti m'kalasi timaphunzira kwambiri chilankhulo chaulemu, ndiponso mwambo wathu umatiuza kuti kupepesa kwenikweni kumafuna mawu ambiri ndi kudzichepetsa. Mfalansa akalandira uthenga wa mnzake woyamba ndi « Veuillez m'excuser pour mon retard », amaseka kapena amadabwa kuti mwina mwamukwiyira, pakuti mawuwo ndi a m'kalata za ku ofesi. Pakati pa abwenzi, ulemu umaonekera pa kufupika kwa uthenga ndi kunena mosabisa mphindi zimene mnzanuyo adikire.

Tiyerekeze kuti mwagwirizana ndi mnzanu wa ku Paris kukumana pamalo omwera khofi pafupi ndi siteshoni ya Gare du Nord nthawi ya 3 koloko masana, ndipo sitima ya RER B imene mwakwera yaima panjira. Uthenga umene Mfalansa angalembe ali m'sitimamo ungakhale wotere:

« Désolé, je vais avoir 20 min de retard, le RER est bloqué. Commande sans moi, j'arrive vers 15h20. »

Uthengawu ukunena kuti pepa, ndichedwa ndi mphindi 20, sitima yaima, itanitsa zakumwa usandidikire, ndifika cha m'ma 3:20. Kupepesa konse kwatha ndi liwu limodzi loyambalo, ndipo mawu otsalawo akuthandiza wodikirayo kudziwa chochita ndi nthawi yake.

Liwu loyambalo limasintha malinga ndi amene akulemba, osati amene akulandira. Mwamuna amalemba désolé, pamene mkazi amawonjezera chilembo chimodzi n'kulemba désolée, ngakhale kuti polankhula mawu awiriwa amamveka chimodzimodzi. Chifukwa choti Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'njira imeneyi, amayi ambiri amaiwala chilembo chomalizacho. Simufunika kulemba « je suis désolé » yonse, chifukwa pakati pa abwenzi liwu lokhalo limakwana, monganso « pardon » kapena « excuse-moi ». Palinso « je m'excuse », imene anthu amanena tsiku ndi tsiku, koma okonda malamulo a chilankhulo amaidandaula kuti ikumveka ngati munthu akudzikhululukira yekha, choncho ine ndimalangiza kuisiya.

Pamene ophunzira amapunthwa kwambiri ndi ponena za kuchedwako. Ambiri amadziwa liwu lakuti tard ndipo amalemba « je suis tard », chimene Mfalansa sanganene konse. Tard amanena za nthawi imene yapita, monga mu « il est tard », kutanthauza kuti kwada kapena nthawi yatha. Munthu amene wapitirira nthawi ya pangano amati « je suis en retard », ndipo akafuna kutchula mphindi amasintha mneni n'kunena kuti « j'ai dix minutes de retard », ngati kuti kuchedwako ndi chinthu chimene ali nacho. Ngati nthawi ya pangano sinakwane koma mwaona kale kuti simufika msanga, mumati « je vais avoir un peu de retard » kapena « je vais être en retard ». Kwa mnzanu wapamtima mungathe kunena kuti « je suis à la bourre », mawu a mumsewu amene amamveka bwino pakati pa anzanu koma osayenera kwa mphunzitsi kapena apongozi.

Mawu awiri ang'onoang'ono, dans ndi en, nawonso amasokoneza. « J'arrive dans dix minutes » amatanthauza kuti pakatha mphindi 10 kuchokera tsopano mukhala mwafika, ndipo ndi amene mukufuna mu uthenga wotere. En amanena za kutalika kwa ntchito kapena ulendo, monga munthu akamati amayenda mtunda wakutiwakuti « en dix minutes ». Onaninso kuti Afalansa polemba amakonda kuwerenga maola mpaka 24, motero 3:20 masana amalemba 15h20. « J'arrive » payekha, popanda mphindi, amauza mnzanuyo kuti muli pafupi kwenikweni, ndipo mukalemba zimenezi musanatuluke n'komwe m'nyumba, adzakhala akuyang'ana pakhomo kwa theka la ola n'kukwiya kuposa mmene akanakwiyira mukanamuuza zoona.

Chifukwa chochedwera chikhale chimodzi ndiponso chachifupi: « j'ai raté mon bus » ngati basi yakusiyani, « il y a des bouchons » ngati magalimoto athinana pamsewu, kapena « panne de réveil » ngati mwagona mopitiriza. Zifukwa zikachuluka, uthenga umayamba kumveka ngati wodziikira kumbuyo.

Chinthu chimene chimaulula msanga kuti uthenga walembedwa ndi wophunzira ndi kusakaniza tu, kutanthauza «iwe», ndi vous, kutanthauza «inu». Ife tinazolowera kunena kuti «inu» ngakhale kwa mnzathu wamsinkhu wathu, makamaka tikamapepesa, koma m'Chifalansa mnzanu amene mumamutchula tu amakhalabe tu ngakhale mwamulakwira chotani. Choncho mawu onse olamula atsatire tu: « excuse-moi » osati « excusez-moi », « ne m'attends pas » osati « ne m'attendez pas ». Aneni othera ndi -er salandira s polamula munthu mmodzi m'mawu ngati awa, n'chifukwa chake tinalemba « commande » ndipo timalembanso « commence sans moi ». Ngati odikira ali awiri kapena kuposerapo, vous amabwerera, osati ngati ulemu koma chifukwa cha kuchuluka kwawo, ndipo mumalemba « commencez sans moi ».

Mukafika pamalopo, mawu oyenera kunena pakamwa ndi « désolé pour le retard » kapena « désolé de t'avoir fait attendre ». Ngati munachedwa kwambiri, mwina kupitirira theka la ola, si zachilendo kutumizanso uthenga madzulo:

« Encore désolé pour tout à l'heure, et merci de m'avoir attendu. La prochaine fois, le café est pour moi ! »

Apa mukupepesanso pa zimene zachitika masana, mukuthokoza kuti anakudikirani, ndipo mukulonjeza kuti ulendo wotsatira khofi mudzalipira ndinu. Mkazi amalemba désolée ndiponso attendue, chifukwa m' wa mu « m'avoir » akuimira iyeyo.

Yankho limene mungalandire kawirikawiri ndi « pas de souci » kapena « t'inquiète », limene achinyamata amalifupikitsa kukhala tkt, ndipo onsewa akutanthauza kuti musadandaule. Mudzaonanso dsl m'malo mwa désolé ndi rdv m'malo mwa rendez-vous, kutanthauza pangano lokumana. Ndi bwino kuzidziwa kuti muziwerenga, koma dsl payekha kwa munthu amene wakudikirani mphindi 40 amaoneka ngati mphwayi.

Ena anamvapo za « quart d'heure de politesse », mwambo wofika mochedwerako pang'ono, mpaka mphindi 15. Mwambowu umakhudza munthu amene waitanidwa ku chakudya chamadzulo kunyumba ya mnzake, kuti wophikayo amalize kukonza. Sugwira ntchito pamene mnzanu akukudikirani pasiteshoni, pamalo omwera khofi kapena pakhomo la nyumba yoonetsera mafilimu, ndipo kumeneko kuchedwa kwa mphindi 5 kapena 10 n'kokwanira kuti mutumize uthenga nthawi ya pangano isanakwane.