Kalata ya mtedza wosowa: musalembe kuti "mitengo yakwera" musanagawe chiwerengero

Mwezi ukatha, akauntanti wa pafakitale amatulutsa pepala loyerekeza ndalama zomwe zipangizo zimayenera kudya ndi zomwe zadyadi. Zikasiyana kwambiri, manijala amafuna kalata yofotokoza chifukwa chake. Makalata amenewa ndawawerenga ambiri, ndipo chiganizo chimodzi chandikwana: "Bwana, kusiyanaku kwadza chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu." Manijala amagwedeza mutu, popeza ndani sadziwa kuti zinthu zikukwera, kalatayo n'kulowa m'kabati. Koma nthawi zambiri wolembayo amakhala asanayang'ane n'komwe ngati mtengo unakweradi.

Kusiyanaku, komwe m'maofesi timati valiyansi, kuli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse ili ndi mwini wake. Ina ndi ya mtengo: tinagula pa ndalama zingati poyerekeza ndi mtengo womwe tinakonzera? Ameneyo ndi mlandu wa ogula zinthu. Ina ndi ya kagwiritsidwe ntchito: tinathira makilogalamu angati poyerekeza ndi omwe katundu amene tatulutsayo amayenera kudya? Apo amafunsidwa ndi a ku makina. Kalata yomwe sinagawe chiwerengero pawiri chonchi sinafotokoze kanthu.

Pali fakitale ina yopanga chiponde yomwe nkhani yake imandiwawabe. Manambala ndawadula nsonga kuti asavute kutsatira. Muyezo wawo unali wakuti kilogalamu imodzi ya chiponde imadya makilogalamu 1.25 a mtedza wosenda, pa mtengo wa K2,000 pa kilogalamu. Mwezi umenewo anapanga makilogalamu 20,000 a chiponde, ndiye mtedza umayenera kukhala makilogalamu 25,000, ndalama zake K50 miliyoni. Mabuku anaonetsa K57 miliyoni. Ndalama zokwana K7 miliyoni zinapita popanda botolo ngakhale limodzi loonjezera.

Kalata yoyamba inati mitengo yakwera. Manijala atakumbukira kuti wogula zinthu anadzitama pamsonkhano kuti wapeza mtedza wotchipa, anaibweza. Yachiwiri inangoti mtedza wagwiritsidwa ntchito wambiri kuposa muyezo. Zinali zoona, koma taganizani zomwe manijala amamva akawerenga mawu otere: akuba. Kapitawo wa shifiti ya usiku, bambo wamkulu amene anayamba ntchito fakitaleyo ili ndi chokazingira chimodzi, anachotsedwa ntchito sabata yomweyo. Mwezi wotsatira valiyansi inabweranso, iye ali kunyumba.

Nditaitanidwa kudzaona mabukuwo, kugawa chiwerengerocho kunali kwa mphindi zochepa. Mtedza womwe unalowa m'makina unali makilogalamu 30,000, wogulidwa pa K1,900. Pa kilogalamu iliyonse anapulumutsa K100, ndiye kumbali ya mtengo fakitale inapindula K3 miliyoni. Koma anathira makilogalamu 5,000 opyola muyezo, ndipo tikawawerengera pa mtengo wa muyezo wa K2,000 ndi K10 miliyoni yotayika. Chotsani 3 pa 10, mwapeza K7 miliyoni ija. Mwaona kuti dzenje lenileni linali lalikulu kuposa lomwe manijala ankaliona, kungoti phindu la wogula zinthu linalikwirira mbali ina.

Apa ndi pomwe akauntanti ayenera kudzuka pampando. Makilogalamu 5,000 sapezeka pakompyuta. Amapezeka m'buku la pasikelo, m'kope la amayi osankha mtedza, ndi pakamwa pa munthu wokazinga. Wogula uja anasiya magulu a alimi omwe fakitale inkagulako kale, n'kukatenga kwa mavenda a m'misika ya ku Mchinji ndi Kasungu. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda, komanso kuti ulemere pasikelo. Mtedza wouma bwino umakhala ndi chinyontho cha 7 kapena 8 pa 100 iliyonse. Uwu unkafika cha m'ma 14. Madziwo anawalipira ngati mtedza, n'kuuluka m'chokazingira. Choipa kwambiri, mtedza wonyowa ukakhala m'matumba umachita chuku, ndipo chukucho chimabala poizoni wa afulatokisini yemwe a Malawi Bureau of Standards amayeza m'chiponde. Amayi osankha ankadzaza mabeseni ndi mtedza wakuda, wofwanyala, ndipo ankachita bwino kuutaya.

Kalata yomwe inkafunika pachiyambi ikanati motere:

"Bwana, mtedza wa mwezi uno wadya K57 miliyoni m'malo mwa K50 miliyoni. Pa mtengo tapindula K3 miliyoni, koma pa kagwiritsidwe ntchito tataya K10 miliyoni, omwe ndi makilogalamu 5,000. Mwa amenewa, pafupifupi 1,800 ndi madzi omwe anauma pokazinga, 2,400 ndi mtedza wowola womwe unachotsedwa posankha, ndipo 500 ndi miyala ndi dothi zomwe zinatsala pa sefa. Makilogalamu 300 sindinawapezere chifukwa, ndipo ndipempha kuti tiwerengenso matumba a m'sitolo Lolemba. Zonsezi zayamba pamene tinasintha kogula mtedza. Tikawerengera mtedza wokhawo womwe umafika m'botolo, wotchipawu ukutidyera K2,850 pa kilogalamu ya chiponde, pamene muyezo ndi K2,500. Ndikupempha kuti lole iliyonse iziyezedwa chinyontho isanatsitse, ndipo mtedza wopyola 8 uzibwezedwa."

Makilogalamu 300 amenewo musawanyoze. Akauntanti wachinyamata amaopa kulemba kuti pali gawo lomwe sanalipezere chifukwa, ndiye amalikankhira ku madzi kapena ku miyala kuti zonse zikwane ndendende. Osatero. Mwina alipodi amene akutulutsa thumba usiku, mwina owerenga matumba analumpha mulu umodzi, ndipo ngati ndi choncho chiwerengerocho chidzabwerera chokha mwezi wamawa. Koma manijala amene waona kuti zosadziwika ndi 300 osati 5,000 sathamangira kuchotsa munthu ntchito.

Kuchedwa nakonso kumapha. Kalata ya mtedza wa mu Juni ikafika patebulo la manijala kumapeto kwa Julayi, malole ena anayi atsitsa kale mtedza womwewo, mavenda alandira ndalama zawo, ndipo mabeseni a zowola anakatayidwa kalekale moti palibenso choyeza. Fakitale yomwe chipangizo chimodzi chimadya gawo lalikulu la ndalama iziyerekeza makilogalamu olowa ndi otuluka sabata iliyonse. Sizifuna pulogalamu yodula; kope ndi sikelo yoyezedwa bwino n'zokwanira.

Ndiye pali akadaulo oyenda ndi chikwama, omwe amalonjeza eni mafakitale kuti adzathetsa valiyansi m'mwezi umodzi. Amathetsadi. Amasintha muyezo kuchoka pa 1.25 kupita pa 1.5, ndipo mwezi wotsatira pepala limatuluka loyera, mwini fakitale n'kulipira mokondwa. Mtedza wonyowa ukulowabe pageti, kungoti tsopano palibe pepala lomwe likudandaula. Sindikunena kuti muyezo susintha. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogula mabotolo kapena zivindikiro kunja anayenera kukonzanso mitengo ya muyezo, apo ayi mwezi uliwonse akanamakalipira wogula zinthu pa mlandu womwe si wake. Koma kugwa kwa kwacha kumasintha mtengo wa kilogalamu, sikuonjezera makilogalamu olowa m'botolo. Wina akafuna kukhudza 1.25 uja, mufunseni kuti wayeza maulendo angati opanga chiponde pamakina, ndi mtedza wochokera kuti, ndipo akuonetseni kope lomwe analembamo. Mufunsenso ngati ali membala wa ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi, kuti zikadzavuta mudzakhale ndi kokadandaula.