Themositati yosayatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi: mafunso ndi mayankho pa makina oswetsera mazira

Ndapanga makina oswetsera mazira ndi bokosi, babu, sensa ya DS18B20 ndi Arduino. Kutentha kukafika pa madigiri 37.5, rileyi imangolira thi-thi-thi ndipo babu likuphethiraphethira. Chavuta n'chiyani?

Mwaipatsa malire amodzi okha. Pulogalamu yanu ikuti kutentha kukakhala pansi pa 37.5 yatsa, kukakhala pamwamba zimitsa. Koma sensa siwerenga nambala imodzi mokhazikika. DS18B20 ikamawerenga mwatsatanetsatane imasuntha ndi madigiri 0.0625 pa sitepe iliyonse, ndiye mpweya ukakhala pamalire penipeni mumaona 37.44, kenako 37.50, kenako 37.44, kenako 37.56. Mazirawo sakumva kusintha kulikonse, koma kwa Arduino uku n'kudumpha malire katatu, ndipo ulendo uliwonse imalamula rileyi.

Mankhwala ake ndi kukhala ndi malire awiri: ena oyatsira, ena ozimitsira, ndipo pakati pakhale mpata. Akatswiri amautcha histeresisi. Babu liyake kutentha kukatsikira pa 37.3, lizime kukakwera kufika pa 37.7. Pakati pa awiriwa pulogalamu isasinthe kanthu. Ngati babu linali loyaka lipitirize kuyaka, ngati linali lozima likhalebe lozima. Choncho pa 37.5 babu likhoza kupezeka loyaka kapena lozima, kutengera kumene kutentha kukuchokera.

Kodi kuphethirako kuli ndi vuto lanji, poti kutentha kuli bwinobwino?

Rileyi imatha. Tirileyi tabuluu tija ta SRD-05VDC-SL-C, opanga ake amati timayatsa ndi kuzimitsa pafupifupi maulendo 100,000 tikasenza magetsi okwana mphamvu yake. Tiyerekeze kuti yanu ikuyatsa ndi kuzimitsa kamodzi pa masekondi 4 aliwonse. Pa tsiku pali masekondi 86,400, ndiye kuti ndi maulendo 21,600 pa tsiku. Masiku asanu asanathe mwadutsa kale 100,000, pomwe dzira la nkhuku limafuna masiku 21. Babu limodzi silikoka magetsi ofika pa mphamvu yonse ya rileyi, choncho ikhoza kupirira kuposa pamenepo, koma sindingaikepo mazira anga.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi momwe rileyi imafera. Kawaya ka m'babu kakakhala kozizira kamakoka magetsi ochuluka kuwirikiza pafupifupi kakhumi pa kamphindi koyamba, ndipo ulendo uliwonse pamathetheka kamoto pa tizitsulo ta m'kati mwa rileyi. Tizitsuloti timapsa, timada, ndipo nthawi zina timamatirirana. Tikamatirirana babu silizimanso, ngakhale Arduino ilamule bwanji. Mudzazindikira poona kanyali ka pa rileyi katazima koma babu lili ngwee. Zikachitika usiku, m'mawa mudzapeza mazira atapsa.

Ndilembe bwanji pulogalamuyo?

Chofunika ndi chakuti pulogalamu izikumbukira ngati babu lili loyaka kapena lozima.

```
const float YATSA = 37.3;
const float ZIMITSA = 37.7;
bool hita = false;

void lamula(float t) {
  if (t <= YATSA) hita = true;
  else if (t >= ZIMITSA) hita = false;
  digitalWrite(RELAY, hita ? HIGH : LOW);
}
```

Onani kuti palibe `else` yomaliza. Kusowa kwakeko ndiye mpata umene tikunena, chifukwa `t` ikakhala pakati palibe mzere umene ukukhudza `hita`. Onaninso kuti `bool hita` ili kunja kwa `lamula()`. Mukailemba m'kati, nthawi iliyonse imayambiranso pa `false`, babu limazima kutentha kukangodutsa 37.3, ndipo mwabwerera ku malire amodzi aja musakudziwa. Ma rileyi ambiri ogula okonzeka amayaka mukawapatsa `LOW`, choncho yesani yanu musanalumikize babu, ndipo ngati ndi yotere sinthanitsani `HIGH` ndi `LOW`.

Mpatawo ukhale waukulu bwanji? Anzanga ena akuti 2, ena akuti 0.1.

Madigiri 2 ndi a firiji kapena chipinda, kwa mazira achuluka kwambiri. Mpata wa 0.1 nawo sukwana ngakhale masitepe awiri a sensa yanu, choncho kugwedezeka kuja kungaudumphe. Mpata uyenera kuposa kugwedezeka kwa sensa, komanso usapitirire zimene mazira angapirire. Koma nambala yeniyeni ikupatsani ndi bokosi lanu, ndipo kuti muipeze mukufunika wotchi ndi kope basi.

Tsekani bokosi mulibe mazira, koma muikemo mbale ya madzi ndi fani monga momwe zidzakhalire. Likatentha kufika cha m'ma 37, yezani kuti babu likayaka kutentha kumakwera madigiri angati pa mphindi imodzi. Kenako zimitsani, muyeze kuti kumatsika angati. Tiyerekeze kuti mwapeza kukwera kwa 0.2 pa mphindi ndi kutsika kwa 0.1 pa mphindi. Nthawi ya ulendo umodzi mumaipeza chonchi, pamene H ndi mpata, a ndi liwiro lokwera, b ndi liwiro lotsika:

```
T = H/a + H/b
```

Ndi mpata wa 0.4, babu liyaka mphindi 2 n'kuzima mphindi 4, ulendo wonse mphindi 6. Pa tsiku ndi maulendo 240, pa masiku 21 ndi 5,040. Yerekezani ndi 21,600 a tsiku limodzi aja. Mukachepetsa mpata kufika pa 0.2, ulendo ukhala wa mphindi 3 ndipo maulendo awirikiza kawiri. Rileyi ikhoza kupirirabe, koma phindu lake n'lochepa, chifukwa dzira ndi lolemera ndi madzi ndipo m'kati mwake simutsatira kusinthasintha kwa mpweya kwa mphindi zochepa. Ine ndimayambira pa 0.4, ndipo sindichepetsa pokhapokha patakhala chifukwa.

Muyezenso usiku. M'mwezi wa Juni bokosi limataya kutentha msanga kuposa mu Okutobala, ndiye b imakula. Ngati kukuzizira babu likuyaka osazimanso koma 37.7 osafika, mpata ulibe mlandu. Babulo lachepa kapena bokosi likulowa mphepo.

Ndaika kuti lizime pa 37.7, koma sensa ikupitirirabe mpaka 38.1 babu litazima. Ndichepetse mpata?

Kuchepetsa mpata sikuthetsa zimenezi. Babu likazima galasi lake limakhala lidakali lotentha, chimodzimodzi chitsulo chilichonse chili pafupi, ndipo zimapitiriza kutulutsa kutentha monga mbaula imene mwaphulapo mphika. Sensa nayo imachedwa kumva, makamaka ija yokutidwa ndi kachitsulo kosalowa madzi. Pamene ikuti 37.7, mpweya wadutsa kale pamenepo. Ndiye kusinthasintha kwenikweni kumakhala mpata wanu kuphatikiza kupitirira kwa m'mwamba ndi kwa m'munsi.

Yambani ndi fani yozunguza mpweya. Imeneyi iziyenda nthawi zonse, musailumikize ku rileyi ya babu, chifukwa ikaima pamodzi ndi babu mpweya wotentha umaunjikana pamwamba ndipo sensa imanama. Kenako onani pamene sensa ili. Ikhale pa msinkhu wa pamwamba pa mazira, pomwe mpweya ukudutsa, osakhudza khoma, ndipo kuwala kwa babu kusaiwombe mwachindunji. Zikapitirirabe, babu lakula: chotsani la mawati 100 muikepo la 60, kapena awiri a 40, omwe ali ndi ubwino wakuti limodzi likapsa linalo limagwirizira. Mabotolo a madzi otseka bwino oikidwa m'makona amachedwetsa kukwera ndi kutsika komwe, ndipo magetsi akathima amasunga kutentha kwa kanthawi. Zonsezi mukachita, kakatsala kupitirira kochepa, tsitsani malire onse awiri pang'ono mpaka pakati pa nambala yapamwamba ndi yapansi imene mukuiona pakhale 37.5.

Ndilibe Arduino, ndinagula themositati yokonzeka kale ya STC-1000. Mpatawo uli pati?

Uli pa `F2`. `F1` ndi kutentha kumene mukufuna, koma chenjerani, chipangizochi sichiika `F1` pakati pa mpata. Hita imazima pa `F1` penipeni ndipo imayaka pa `F1` kuchotsera `F2`. Mukalemba `F1` 37.5 ndi `F2` 0.4, bokosi liziyenda pakati pa 37.1 ndi 37.5, kuzizirako pang'ono kuposa momwe mumaganizira. Kuti mupeze 37.3 mpaka 37.7, lembani `F1` 37.7 ndi `F2` 0.4. Pa kachipangizo ka W1209 mpata uli pa `P1`, ndipo `P0` ikhale pa `H` ngati mukulamula hita. Kameneka musangokakhulupirira: fumbatani sensa m'dzanja, muisiye izizire, mulembe nambala imene rileyi yalirapo pokwera ndi potsika. `F4` ya STC-1000 ndi yowongolera sensa ikamasiyana ndi themomita yodalirika, ndipo ya kuchipatala ija imathandiza chifukwa inapangidwira madigiri omwewa.

Nanga ngati ndikufuna fani yoziziritsa, monga m'kabati ya inveta ya sola?

Tembenuzani malire. Fani iyake pamwamba, izime pansi, mwachitsanzo iyake pa 45 n'kuzima pa 40. Apa mpata ukhale waukulu, chifukwa fani ikangoyamba imauzira sensa yomwe, nambala imagwa m'masekondi ochepa chitsulo chidakali chotentha. Mangirirani sensa pa chitsulo chotenthacho, osailendeweretsa mumphepo ya fani. Ngati ndi kompuresa ya firiji, mpata wokha sukwanira. Imafunika ipume mphindi zingapo isanayambenso kuti mphamvu ya gasi m'mapaipi ifanane, n'chifukwa chake STC-1000 ili ndi `F3`, imene imabwera itaikidwa pa mphindi 3.

Waya wa sensa ukaduka chimachitika n'chiyani?

Pa pulogalamu ili pamwambayi, zoopsa. Mukamawerenga DS18B20 ndi laibulale ya Arduino yotchedwa DallasTemperature, sensa ikasowa mumalandira -127. Nambalayi ili pansi pa 37.3, ndiye pulogalamu iganiza kuti bokosi lazizira koopsa, iyatsa babu osalizimitsanso. Ikani mzere uwu koyambirira kwa `lamula()`, ndipo `OFF` akhale `HIGH` kapena `LOW` malinga ndi rileyi yanu:

```
if (t < 0 || t > 60) { hita = false; digitalWrite(RELAY, OFF); return; }
```

Mzerewu umagwiranso 85, nambala imene sensayi imapereka ikangolandira magetsi isanayeze kanthu. Mazira amapirira kuzizira kwa maola angapo kuposa kutentha kopitirira madigiri 40, choncho pakakhala chikaiko babu lizime. Rileyi yomatirira ija pulogalamu singaithandize. Imeneyo imafuna themositati yachiwiri pa waya womwewo wa babu, yoikidwa kuti idule magetsi cha pa 39. Musanaike mazira, siyani bokosi liyende tsiku lathunthu ndi usiku wake, kenako muzule waya wa sensa dala muone ngati babu lazima.