Sipika ikamva molakwika dzina la woimba, musakweze mawu

Anthu ambiri amene ali ndi masipika olamulidwa ndi mawu, monga Echo ya Amazon, Nest ya Google kapena HomePod ya Apple, amachita chinthu chimodzi sipikayo ikaimba nyimbo yosiyana ndi imene apempha. Amabwereza mokweza, kachitatu amachita kukuwa, kenako amatopa n'kutenga foni. Kukuwa sikuthandiza, chifukwa nthawi zambiri vuto silikhala la khutu.

Mukatchula mawu oidzutsa, monga `Alexa`, `Hey Google` kapena `Hey Siri`, sipikayo imatumiza zimene mwanena pa intaneti kupita ku makompyuta a kampani yake. Kumeneko pamachitika ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kusandutsa mawu anu kukhala zilembo. Yachiwiri ndi kutenga zilembozo n'kukafufuza nazo m'nkhokwe ya nyimbo, kaya ndi Spotify, Apple Music kapena YouTube Music. Cholakwika chikhoza kuchitika pa ntchito iliyonse mwa ziwirizi, ndipo kakonzedwe kake n'kosiyana. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti ayambe wadziwa zimene makinawo alemba.

Pa Echo mukhoza kuifunsa nthawi yomweyo:

```
Alexa, tell me what you heard
```

Zimenezi zimapezekanso zolembedwa mu pulogalamu ya pafoni ya Alexa, pamalo otchedwa `Voice History`. Amene ali ndi Nest atsegule `myactivity.google.com` ndi akaunti imene analumikiza ku sipikayo, ndipo aona malamulo awo mmene analembedwera.

Tiyerekeze kuti mukufuna nyimbo za woimba wina wa mfunda wa Phiri. Inu mwatchula bwinobwino monga timatchulira kwathu, ndi p wotuluka ndi mpweya. Koma palibe sipika mwa zitatuzi imene imamva Chichewa. Yanu munaiika pa Chingerezi, ndipo m'Chingerezi zilembo ph zimawerengedwa ngati f. Choncho ikamva katchulidwe kanu, imasaka dzina lachingerezi loyandikira, ndipo mukayang'ana pa zolembedwa zija mukhoza kupeza kuti yalemba `Perry`. Ikapita nalo ku nkhokwe, kumene kuli oimba otchuka a dzina limenelo, imakupatsani mmodzi wa iwo mosakayika konse. Mayina oyamba ndi mb, nd, nkh kapena ng' amavutika chimodzimodzi, poti m'Chingerezi mulibe mawu oyamba motero, ndiye makinawo amataya chilembo choyamba kapena amalidula dzinalo pawiri.

Apa pali njira yachangu imene ena saikonda, ndipo ndimawamvetsa: kulitchula dzinalo mmene Mngelezi angaliwerengere, Phiri n'kukhala ngati Firi. Nthawi zina zimatheka. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kupereka zambiri m'lamulo limodzi, mutu wa nyimbo, dzina lonse la woimba ndi nkhokwe yake, motsatira kalembedwe aka:

```
Alexa, play <mutu wa nyimbo> by <woimba> on Spotify
```

Ngakhale liwu limodzi litamveka mokhota, enawo amachepetsa malo osakamo. Komabe ine sindiona chifukwa choti munthu azipotoza dzina la kwawo m'nyumba mwake tsiku lililonse, pamene pali njira yokonzeratu kamodzi.

Njirayo ndi kuisiya sipika kuti isamve dzina lovutalo n'komwe. Tsegulani pulogalamu ya nyimbo pafoni, lembani dzina la woimbayo ndi zala, sonkhanitsani nyimbo zake mu mndandanda wanuwanu, ndipo muupatse dzina la mawu awiri achingerezi osavuta, amene si mutu wa nyimbo yotchuka. Tinene kuti mwautcha `Green Basket`. Kuyambira pamenepo muzingonena kuti:

```
Hey Google, play my Green Basket playlist
```

Mawu akuti `my` ndi `playlist` musawasiye, chifukwa ndi amene amauza makinawo kuti asake mu zinthu zanu, osati mu nyimbo za dziko lonse. Onetsetsaninso kuti mndandandawo mwaupanga pa akaunti yomweyo imene ili yolumikizidwa ku sipika. M'nyumba zambiri sipika inalumikizidwa ndi akaunti ya bambo, mndandanda wapangidwa pafoni ya mayi, ndipo onse awiri akudabwa kuti bwanji sukupezeka.

Amene akufuna lamulo lalifupi kuposa pamenepa agwiritse ntchito `Routines` mu pulogalamu ya Alexa, kapena `Automations` mu Google Home. Mumasankha mawu oti muzinena, kenako mumalemba ndi zala zimene sipika ichite ikawamva, kuphatikizapo dzina la woimba m'kalembedwe kake kenikeni. Poti dzinalo lalembedwa, silidutsanso pa ntchito yoyamba ija yomvetsera. Mawu oyambitsirawo asayambe ndi `play`, kuopa kuti sipika ingawatenge ngati pempho wamba la nyimbo.

Nanga mukayang'ana n'kupeza kuti dzinalo linalembedwa molondola, koma nyimbo imene yaimbidwa ndi ina? Pamenepo vuto lili ku nkhokwe. Lembani dzinalo mu pulogalamu ya nyimbo muone chimene chituluke. Mwina pali oimba awiri a dzina limodzi, ndipo makina amakonda kusankha womvetseredwa kwambiri. Mwina nyimboyo inaikidwa ndi kalembedwe kena, l pamalo pa r, kapena popanda kachizindikiro ka mu ng'. Mwinanso kulibeko. Spotify inafika ku Malawi ndi ku Zambia mu 2021, koma nyimbo zambiri zakale za pa makaseti ndi za makwaya a m'mipingo sizinaikidwemo, ndipo palibe lamulo limene lingatulutse chinthu chimene mulibe. Ngati muli nayo pafoni, lumikizani foniyo ku Echo kapena Nest kudzera pa Bluetooth, muiimbe kuchokera pamenepo. Kumbukiraninso kuti akaunti yaulere kawirikawiri imapatsa sipika nyimbo zosakaniza zofanana ndi imene mwapempha, osati imeneyo ndendende, ndiye zimaoneka ngati yamva molakwika pamene yamva bwino.

Tsopano za kundandalika nyimbo kuti zizitsatana. Lamulo la `play` silikutanthauza kuwonjezera. Limadula imene ikuimbidwa, ndipo nthawi zambiri limachotsanso zonse zimene zinali kudikira. Paphwando zimenezi zimakhumudwitsa, aliyense akapempha yake ya mnzake imafera pakati. Pa HomePod yokhala ndi Apple Music pali lamulo loika nyimbo pambuyo pa imene ikumveka:

```
Hey Siri, play <mutu wa nyimbo> next
```

Pa masipika ena zimadalira nkhokwe imene mwalumikiza, choncho yesani muli nokha alendo asanafike. Ikadula nyimbo m'malo moiika pamzere, musalimbane nayo. Ngati mumagwiritsa ntchito Spotify, yambitsani nyimbo ndi mawu, kenako tsegulani pulogalamuyo pafoni ya akaunti yomweyo. Muona kuti ikusonyeza nyimbo imene ikumveka pa sipika, ndipo nyimbo iliyonse mukhoza kuiwonjezera posankha `Add to queue` popanda kudula kanthu. Mawu muwasungire zinthu zimene sipika simalakwitsa, monga `next`, `pause` ndi kuchepetsa phokoso.

Khutu nalo limavuta nthawi zina, ndipo chizindikiro chake n'choti zolembedwa zija zimakhala zoduka, kapena mawu achingerezi osavuta nawonso alakwika. Zikatero chotsani sipikayo pafupi ndi wailesi yakanema kapena pakona ya chipinda pamene mawu amabwerera, ndipo polamula yang'anani kumene ili, mulankhule ndi mawu anu a masiku onse, osathamanga pa dzina la woimba.