Ndalama ya inshulansi yadulidwadi? Mafunso ndi mayankho

Ndinasaina kuti banki izidula yokha mwezi ndi mwezi. Ndiziyang'ananso chiyani?

Chimene munasaina chija ndi chilolezo chabe. Banki imadula pokhapokha ikapeza ndalama zokwanira mu akaunti tsiku limene munagwirizana. Tsikulo likadutsa, onani sitetimenti, kaya ya pa foni kaya yosindikiza, ndipo mufufuze dzina la kampani ya inshulansi, kuchuluka kwa ndalama ndi deti. Musalekeze pa mzere umodziwo, tsikani mmunsi pang'ono. Nthawi zina ndalama imaoneka kuti yatuluka, koma mawa lake n'kubwereranso mu akaunti, mwinanso banki n'kudulapo chindapusa. Mukaona zotere, mwezi umenewo simunalipire.

Kawiri pachaka pemphaninso ku kampani ya inshulansi chikalata chosonyeza ndalama zimene yalandira, muchiike pambali pa sitetimenti ya kubanki, n'kuyerekeza mwezi ndi mwezi.

Malipiro anachedwa, banki sinadule mwezi umodzi, koma mwezi wotsatira yadula. Si ndiye zatha?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa sitetimenti imaoneka yabwinobwino. Tiyerekeze kuti mumalipira K15,000 pamwezi pa inshulansi ya maliro. Ndalamayi imafunika pa 1, ndipo banki imadula pa 28 mwezi wam'mbuyo. Pa 28 Meyi mu akaunti munali K9,000, malipiro analowa pa 3 Juni. Kawirikawiri banki sitengako pang'ono: ikapeza zoperewera imangosiya, ndipo si nthawi zonse pamene imayesanso.

Choncho Juni sanalipiridwe. Ngati mgwirizano wanu umapereka masiku 30 achisomo, amene kampani imakudikirani inshulansi ikugwirabe ntchito, masikuwo ayamba pa 1 Juni, osati tsiku limene mwazindikira vutolo. Pa 28 Juni banki yadula K15,000. Inu mukuyesa kuti ndi ya Julaye, koma makampani ambiri amayamba atseka ngongole yakale. Ndalamayo yapita ku Juni, Julaye watsala pamtunda. Kuyambira pamenepo mukukhala m'masiku achisomo mwezi uliwonse osadziwa, ngati munthu woyenda m'mphepete mwa dzenje usiku. Malipiro akadzangochedwanso kamodzi, inshulansi yafa.

Mankhwala ake ndi kulipira K15,000 yoonjezera pamanja, musanadikire deti ina. Lembani nambala ya inshulansi yanu polipirapo, sungani risiti, ndipo funsani kampani kuti ikuuzeni polemba kuti mwalipira mpaka mwezi uti. Kenako pemphani kuti deti yodulira isunthidwe, ikhale masiku angapo malipiro atalowa.

Masiku achisomowo ndi angati?

Yankho lili m'chikalata cha mgwirizano wanu, osati m'cha mnzanu. Inshulansi zambiri za moyo zimapereka masiku 30 kapena 31. Abale amene ali ku Joni asamale: lamulo la ku South Africa limati kwa olipira mwezi ndi mwezi masikuwa asachepere 15, ndiye musangoganiza kuti muli ndi mwezi wathunthu.

Munthu akamwalira mkati mwa masiku amenewa, kampani imalipira?

Inde, inshulansi imakhala ikadali yamoyo. Amangochotsako ndalama ya mwezi umene sunalipiridwe.

Ine amadula kuntchito, ndipo pa peyisilipi zikuoneka. Kampani ya inshulansi ikuti sikulandira. Nditani?

Peyisilipi ikusonyeza kuti abwana anu anachotsa ndalama, koma sikusonyeza kuti anaitumiza. Pitani ku ofesi yokonza malipiro ndi mapeyisilipi a miyezi yonse imene ikusowa, mukapemphe umboni wa tsiku limene anatumiza ndi mndandanda wa maina umene unapita limodzi ndi ndalamazo. Nthawi zina ndalama inafika koma nambala yanu inalembedwa molakwika, ndiye ikungokhala ku kampaniko yopanda mwini. Lemberani kampani ya inshulansi kalata yofotokoza zonsezi, mutsale ndi ina yodindidwa. Ngati masiku achisomo ali pafupi kutha nkhani isanathe, ine ndingakulangizeni kulipira nokha mweziwo, n'kumadzalondola zobwezeredwa pambuyo. Zimawawa kulipira kawiri, komabe ndi bwino kusiyana ndi kutaya zaka zonse zimene mwakhala mukusonkha.

Kampani ikapanda kukuthandizani, ku Malawi dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions, ku Reserve Bank of Malawi.

Nanga inshulansi ikafa, singadzutsidwe?

Nthawi zambiri zimatheka, koma muyenera kupempha, ndipo kampani ili ndi ufulu wokana. Mudzalipira miyezi yonse yotsalira, mwina ndi chiwongoladzanja, ndipo angakufunseninso za thanzi lanu. Pa inshulansi ya maliro funsitsani ngati nthawi yodikira, miyezi yoyambirira imene kampani silipira munthu akamwalira, imene nthawi zambiri imakhala miyezi 6 pa imfa ya matenda, iyambirenso. Ngati iyambirenso, ndiye kuti gogo amene munawalembetsa akamwalira ndi matenda m'miyezi imeneyo, banja silidzalandira kanthu ngakhale kuti ngongole yonse mwabweza.