Kukopana ndi Munthu Amene Chibwenzi Chake Changotha Kumene

Munthu amene wangosiyana ndi wokondedwa wake amasowa zinthu zimene anazolowera tsiku ndi tsiku: womufunsa mmene wadzukira, womuuza za kuntchito, womugwira dzanja. Mukabwera inu n'kuyamba kumuseketsa, amakulandirani ndi manja awiri. Apa m'pamene ambiri amasokonekera. Chisangalalo chakecho n'chenicheni, koma nthawi zambiri akusangalala kuti ululu wachepa, osati kuti wasankha inuyo. Iye mwini sangathe kusiyanitsa ziwirizi pamasabata oyambirira, ndiye musamukakamize kuti azisiyanitse msanga.

Mungadziwe bwanji kuti bala likadali laliwisi?

Musawerenge miyezi, mverani zokamba zake. Wina amachira msanga chifukwa chibwenzicho chinafa kale asanasiyane, wina amatha chaka akulirabe. Ngati nkhani iliyonse ikuthera kwa wakaleyo, kaya pomutamanda kaya pomunyoza, ndiye kuti mtima udakali komweko. Mkwiyo nawonso ndi chingwe. Onaninso nthawi imene amakufunani. Wokutumizirani mauthenga pakati pa usiku pokha, masana n'kukhala zii, akufuna womutonthoza. Wofulumira kuika chithunzi chanu pamasamba a mchezo musanagwirizane kanthu, mwina akufuna kuti wina wake achione.

Itanani kamodzi, momveka

Tiyerekeze kuti mnzanu wa kuntchito chibwenzi chake cha zaka 3 chatha masabata 3 apitawo, ndipo masiku ano mumachezerana kwambiri. Mungamuuze kuti: "Kucheza nanu kumandisangalatsa. Ndikudziwa kuti mwangodutsa m'zovuta, ndiye palibe changu. Tsiku lina mukadzafuna kuti tikakhale penapake awiriwiri, mudzandiuze." Mawuwa aonetsa mtima wanu, ndipo amusiyira mpata wokana popanda manyazi.

Akayankha kuti "tiona" kapena "panopa mutu wanga sukuyenda", mutenge yankholo ngati ayi wa lero. Musabwereze mawa. Mukatumiza mauthenga awiri osayankhidwa, wachitatu musatumize. Kukakamiza sikumveka ngati kukalipa nthawi zonse. Mphatso zodula, kunyoza wakaleyo kuti inu muoneke wabwino, kapena mawu akuti "ine ndakhala nanu pamavuto onsewa", zonsezi zimasandutsa chifundo chanu kukhala ngongole. Munthu akavomera pobweza ngongole, pakapita nthawi amayamba kukuzembani, inu n'kumadabwa kuti mwalakwa chiyani.

Dzifunseninso nokha, ndipo musadzinamize: atabwererana ndi wakale uja mwezi wamawa, kodi mungapirire? Zimachitika ndithu. Ngati simungapirire, chepetsani macheza a usiku, ndipo muuzeni poyera kuti inu mukufuna chibwenzi chokhazikika, osati chopukutira misozi.

Zikafika pogonana

Munthu wosweka mtima amene wamwa mowa akhoza kuvomera chimene m'mawa mwake anganong'oneze nacho bondo. Woledzera kwambiri sangapereke chilolezo, ndipo amene wavomera ali ndi ufulu wosintha maganizo nthawi iliyonse.

Pali china chimene anthu amachiiwala. Zibwenzi zambiri zimene zakhalitsa zimasiya kondomu, ndipo zina zimatha chifukwa mmodzi amayenda njira zam'mbali. Zipangizo zoyezera HIV mwachangu, zija zobaya pachala, zikhoza kulephera kuonetsa kachilombo kamene kalowa kumene m'thupi, mpaka miyezi itatu. Choncho zotsatira zabwino za lero sizikunena kanthu za sabata yomaliza ya chibwenzi chakale chija. Kayezetseni nonse awiri, gwiritsani ntchito kondomu nthawi zonse, ndipo mukayezetsenso pakatha miyezi itatu. Matenda ena opatsirana pogonana amakhala m'thupi osaonetsa chizindikiro chilichonse, ndiye funsaninso za amenewo.

Kondomu ikaphulika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi olera a pangozi amagwira bwino akamwedwa msanga, makamaka m'maola 72 oyambirira. Kwa mayi amene wangochoka m'chibwenzi, kuyezetsa mimba asanayambe kugona ndi munthu watsopano kungathandize kupewa mkangano wa mwini mimba m'tsogolo.

Pamene kukopana kuyenera kuima

Kulira, kusowa tulo ndi kusafuna chakudya n'zachibadwa masiku oyambirira. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo munthuyo ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, palibe chomusangalatsa, ntchito ikumukanika kapena mowa wachuluka, akhoza kukhala ndi matenda ovutika maganizo. Apa siyani zokopana, mulimbikitseni kukaonana ndi dokotala kapena phungu. Akanena zofuna kudzipha, musaziyese nthabwala ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganizadi zimenezo, pakuti kufunsa sikumupatsa ganizolo. Musamusiye yekha, uzani wachibale amene amamukhulupirira, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.