Pa sentirifuji, 3000 rpm si 3000 g

Ndatopa kumva ogwira ntchito m'labotale akunena kuti azunguza makhololo pa 3000 mu sentirifuji, makina ozunguzira machubu, osatchula ngati akunena rpm kapena g. Ndondomeko yokonzera makhololo oyeza chifuwa chachikulu imalamula 3000 g kwa mphindi 15, koma ambiri amangotchera 3000 rpm n'kuchokapo.

Nambala ya rpm imangowerenga kuti rota, mbali ya makina yonyamula machubu, yazungulira kangati pa mphindi imodzi, pomwe mphamvu yokankhira tizilombo pansi pa chubu, imene imalembedwa RCF pa makina ndipo imawerengedwa mu g, imadaliranso kutalika kochokera pakati pa rota kufika pansi pa chubu:

```
RCF = 1.118 × 10^-5 × r × rpm²
```

Chilembo r ndi kutalika kumeneko m'masentimita, ndipo ngati rota ndi yamabakete otambasuka, muyeze bakete litagona chopingasa monga limakhalira pozungulira.

Nkhani imene imandiwawabe mumtima ndi ya labotale ina kumene ndinapeza rota ya masentimita 15 ikuyenda pa 3000 rpm kwa miyezi ingapo. Mukachita masamu, mupeza pafupifupi 1,510 g, theka chabe la mphamvu yofunika. Kuti afike pa 3000 g anayenera kutchera pafupifupi 4,230 rpm, osati 6000, chifukwa liwiro likachuluka kawiri, mphamvu imachuluka kanayi. Tizilombo ta chifuwa chachikulu tili ndi khungu lamafuta ndipo sitimira msanga, choncho pa mphamvu yochepa tambiri timatsala m'madzi apamwamba amene amatayidwa. Wodwala amene makhololo ake anali ndi tizilombo tochepa akanatha kuuzidwa kuti alibe matenda, n'kubwerera kwawo akutsokomola.

Liwiro likakwera chotero, kulinganiza machubu kumafunika kusamala kwambiri. Pa 3000 g, kusiyana kwa galamu imodzi yokha kumakoka rota ngati makilogalamu atatu kumbali imodzi. Kuona ndi maso kuti madzi afika pamzere wofanana sikukwanira, chifukwa zamadzimadzi zina n'zolemera kuposa zina. Ikani machubu pa sikelo ndi zivindikiro zake, ndipo olemera mofanana akhale moyang'anizana. Ngati chubu chilibe chinzake, tengani china chamtundu womwewo, muthiremo madzi mpaka kulemera kufanane. Mabakete onse akhale m'malo mwake ngakhale ena ali opanda kanthu.

Makina akayamba kunjenjemera kwambiri, kugogoda kapena kusuntha pa tebulo, azimitseni nthawi yomweyo, musawagwirizire ndi manja. Ngati mukukayikira kuti chubu chasweka, chivindikiro cha makina chikhale chotseka kwa mphindi 30 kuti timadontho touluka tidikhe, chifukwa pa makhololo timadontho timeneto ndi timene tingakupatsireni matendawo. Ndipo musalole munthu wosaphunzira ntchitoyi kudula kachipangizo kamene kamazimitsa makina akapendekeka pofuna kuti ntchito iyende; rota yosweka ili paliwiro ikhoza kuvulaza woimirira pafupi.