Ubale si umboni wakuti magazi anu ndi ofanana

Pa khomo la labotale iliyonse ya chipatala pamamveka mawu awa: "Ndi mchemwali wanga wa bere limodzi, magazi athu ndi amodzi, ingotengani kwa ine mumuike." Oyankhula amakhala ndi chikondi chenicheni, koma akulakwitsa, ndipo ndi kulakwitsa kumene kungaphe munthu. Ubale ndi gulu la magazi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bambo wa gulu A ndi mayi wa gulu B angathe kubereka ana anayi, wina A, wina B, wina AB, wina O, onse a m'nyumba imodzi.

Kusiyana kwa magulu kuli pa khungu la maselo ofiira. Maselo amenewa amakhala ndi chidindo chimene munthu amabadwa nacho. Wina ali ndi chidindo A, wina B, wina zonse ziwiri (ndiye AB), ndipo wina alibe chilichonse mwa ziwirizi (ndiye O). Anatulukira zimenezi ndi Karl Landsteiner ku Vienna mu 1901, atasakaniza magazi a anthu osiyanasiyana n'kuona ena akuundana.

Choopsa chili m'madzi achikasu a magazi aja, amene timawatcha plazima. Muli asilikali olimbana ndi chidindo chimene mwini wake alibe. Wa gulu A ali ndi asilikali olimbana ndi B, wa B ali ndi olimbana ndi A, wa O ali ndi onse awiri, pomwe wa AB alibe. Asilikaliwa sadikira kuti munthu aikidwe kaye magazi olakwika kuti aphunzire. Amayamba kupangika mwana akadali ndi miyezi yochepa, ndipo amakhala chire moyo wake wonse. N'chifukwa chake kulakwitsa koyamba komweko kumakhala kokwanira.

Tiyeni tione mmene zimachitikira. Mayi wa gulu O wataya magazi ambiri pobereka. M'wodi momwemo muli mayi wina wa dzina lofanana naye, wa gulu A, amenenso akudikira magazi. Thumba la A lapachikidwa pa bedi la mayi wa O chifukwa palibe amene wafananitsa nambala ya pa thumba ndi ya pa fayilo. Magazi ochepa chabe atalowa, nthawi zambiri mphindi 15 zisanathe, asilikali ake amagwira maselo achilendowo n'kuwaphulitsira m'mitsempha momwemo. Mayi uja amayamba kusowa mtendere, kunjenjemera, kutentha thupi. Amadandaula kuti pamene pali singano pakuwotcha, msana ndi chifuwa zikupweteka, mpweya ukuchepa. Mtima umathamanga, kuthamanga kwa magazi kumatsika. Zimene zatuluka m'maselo ophulika aja zimapita ku impso, mkodzo n'kusanduka wofiira kapena wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kenako n'kuchepa kapena kusiyiratu. Choipa kwambiri, mphamvu ya magazi youndana pa bala imasokonekera, ndipo mayi amene timafuna kumubwezera magazi amayamba kuwataya koposa poyamba.

Chondiwawa pa nkhani ngati imeneyi n'chakuti labotale inayeza bwino, magazi analinso abwino. Chinalakwika ndi dzina. Ngozi zambiri za mtundu uwu zimachokera pa kabotolo kolembedwa dzina la munthu wina kapena thumba lopachikidwa pa bedi lolakwika. Choncho namwino akakufunsani dzina lonse ndi tsiku lobadwa kachitatu, musanyansidwe. Mutchule nokha, osangovomera kuti "eya" dzina likatchulidwa. Ngati ndinu gadiyani wa wodwala amene sakutha kuyankhula, ntchito imeneyi ndi yanu.

Ndipo gadiyani akaona zizindikiro zija, asayembekeze kuti thumba lithe poopa kuti magazi ndi osowa. Aitane namwino pompo. Choyamba n'kutseka magaziwo, osachotsa singano pa mtsempha, kuika diripi yamadzi amchere pa chubu chatsopano, kufananitsanso mayina, n'kubweza thumba lija ku labotale pamodzi ndi magazi ndi mkodzo wa wodwalayo. Kuopsa kwake kumakula ndi kuchuluka kwa magazi amene alowa, kotero mphindi iliyonse ili ndi mtengo.

Nanga ku labotale amachedwa chani? Amadontheza magazi a wodwala pa mankhwala atatu: Anti-A wa mtundu wa buluu, Anti-B wachikasu, ndi Anti-D woyezera chidindo china chotchedwa D. Pamene pachita timibulu ngati mkaka wosasa, ndiye kuti chidindo chimenecho chilipo. Kenako amatembenuza: plazima ya wodwala amaisakaniza ndi maselo odziwika a A ndi a B, ndipo mayankho awiriwa ayenera kugwirizana. Pomaliza amatenga plazima ya wodwalayo n'kuisakaniza ndi maselo a m'thumba lenilenilo limene akufuna kumupatsa, n'kuzifunditsa pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Gawo lomalizali likachitidwa mokwanira limatenga pafupifupi ola. N'lofunika chifukwa kupatula A, B ndi D, pa maselo ofiira pali zidindo zina zambiri, ndipo amene anaikidwapo magazi kangapo kapena mayi amene anaberekapo akhoza kukhala ndi asilikali olimbana nazo. Anthu awiri a O pozitivi angathe kusagwirizana.

Pozitivi ndi negetivi wa pa gulu la magazi sakhudzana m'pang'ono pomwe ndi kachilombo ka HIV. Amangonena ngati chidindo D chilipo kapena ayi. Kuno kwathu a negetivi ndi ochepa, ndipo magazi awo amasowa. Thupi la wa negetivi silibadwa ndi asilikali olimbana ndi D, koma limawapanga likakumana naye, kaya poikidwa magazi a pozitivi kapena pa pakati pa mwana wa pozitivi. Mwana woyamba nthawi zambiri amapulumuka. Otsatira a pozitivi ndi amene angathe kubadwa ndi chikasu ndi magazi ochepa, kapena kufera m'mimba. Jakisoni wa Anti-D woperekedwa maola 72 asanathe mayi atabereka kapena atapita padera amateteza zimenezi. Pa chifukwa chomwechi, mwamuna si woyenera kupatsa magazi mkazi wake amene adakali pa msinkhu wobereka: zidindo za bambo ndi zomwe ana amatengera.

Mawu akuti "O amapatsa aliyense" ndi oona theka. Maselo ofiira a O negetivi ndi amene amaperekedwa pa ngozi pamene palibe nthawi yoyeza. Koma thumba la magazi athunthu a O lili ndi plazima yokhala ndi asilikali olimbana ndi A ndi B, choncho silingapachikidwe mwachisawawa. Ndipo wa O mwini wake amalandira O yekha.

Magazi amene m'bale wapereka sachoka pa mkono wake kupita kwa wodwala. Thumba la mamililita 450 limayezedwa kaye HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a B ndi C, monga amachitira a bungwe losonkhanitsa magazi la MBTS, n'kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 6. Likatuluka mu filiji liyenera kupachikidwa mphindi 30 zisanathe, n'kutha pasanapite maola 4.

Zonsezi zimafuna nthawi, ndipo nthawiyo ambiri amaithera kunyumba. Mwana wayera m'manja ndi m'zikope chifukwa cha malungo, akupuma mothamanga, koma akum'mwetsa chidede ndi mankhwala a m'mabotolo ogula pamsika akuti owonjezera magazi. Palibe chakumwa chimene chingabwezeretse magazi pa tsiku limodzi. Mwana wotereyu akafika mochedwa, labotale imakakamizika kufupikitsa kuyeza, kapena gulu lake limapezeka kuti latha ndipo liyenera kukatengedwa kutali. Mukaona manja oyera pamodzi ndi kufooka kapena kupuma mothamanga, nyamukani tsiku lomwelo, ndipo ngati wodwalayo anaikidwapo magazi kale kapena ndi wa negetivi, nenani zimenezo mukangofika.